Chimangirizo chotupa: zizindikiro zake, magwero ake ndi kakonzedwe kake

Teremu iliyonse ndikamachonga zimangirizo za Fomu 3 ndi Fomu 4 pa sukulu ya sekondale yoyendera imene ndimaphunzitsa kuno ku Nkhotakota, vuto limodzi limabwerabe ngakhale ophunzira asinthe. Mwana amene panja amafotokoza nkhani momveka bwino mpaka anzake kusiya zochita kuti amvetsere, akangogwira cholembera amasanduka munthu wina. Amalemba mawu aatali, miyambi yothithikana ndi ziganizo zozungulira, ndipo ukafika kumapeto kwa tsamba sudziwa chimene waona, chimene wamva kapena chimene akuganiza. Chimangirizo chotere ndimachitcha chotupa, chifukwa chimaoneka chachikulu koma ukachisindikiza ndi chala mumangotuluka mpweya.

Malangizowa ndalembera aphunzitsi anzanga, makolo amene amathandiza ana madzulo, ndi ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE. Zitsanzo zambiri ndazitenga m'chimangirizo chimodzi cha mtsikana wina wa Fomu 3, mwana wa msodzi wa kufupi ndi Chia, amene ndinam'patsa mutu wakuti "Mavuto amene asodzi akukumana nawo m'dera lathu". Pansi pa chizindikiro chilichonse ndasanja zoyambitsa kuyambira imene ndimaipeza kawirikawiri kufikira imene imapezeka mwa apo ndi apo.

## Muyeso woyamba musanakonze chilichonse

Musayambe ndi cholembera chofiira. Tembenuzani pepala kuti mwanayo asaone zimene analemba, kenako mufunseni kuti, "Mundime yoyambayi wati chiyani?" Muloleni ayankhe ndi pakamwa, ndipo inu lembani yankho lake liwu ndi liwu papepala lina.

Pali zotsatira ziwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ngati wayankha zomveka, ndiye kuti mfundo ali nayo koma waikwirira ndi mawu, ndipo ntchito yanu ndi kufukula. Ngati wangokhala chete, kapena akuyesa kukumbukira ziganizo zimene analemba, ndiye kuti mfundo palibe, ndipo kufufuta mawu sikungathandize chifukwa mukachotsa zokongoletsa simutsala kanthu. Mwana wotere ayenera kubwerera kukasonkhanitsa mfundo asanalembenso.

Mtsikana uja nditam'funsa, anayang'ana pansi kwa kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, ndimafuna kunena kuti mwera ukakula bambo salowa m'nyanja." Mawu amenewa munalibe m'tsamba lonse loyamba la chimangirizo chake.

## Chizindikiro choyamba: chiyambi chikuzungulira osafika pa nkhani

Chiyambi cha mtsikanayu chinali chotere: "Ndi chinthu chosachita kufunsa komanso chodziwikiratu kwa wina aliyense kuti pa dziko lino lapansi, kuyambira kalekale m'nthawi ya makolo athu, anthu akhala akukumana ndi mavuto osiyanasiyana komanso ankhaninkhani amene amakhudza miyoyo yawo ya tsiku ndi tsiku m'njira zosiyanasiyana." Mawu alipo 38, koma mulibe msodzi, mulibe nyanja, mulibe Nkhotakota.

Zoyambitsa zake, kuyambira yofala kwambiri:

- Mwanayo analoweza chiyambi chimodzi kuchokera m'kope la mnzake kapena m'timabuku ta mayankho, ndipo amachiika pa mutu uliwonse.
- Anayamba kulemba asanasankhe mfundo, choncho chiyambi ndi nthawi imene akudikira kuti ganizo libwere.
- Akuopa kuti mawu sadzakwana chiwerengero chimene funso lalamula.

Kuti mudziwe ngati ndi choloweza, chotsani mutu wa chimangirizo ndipo muike wina, monga "Kuipa kwa kudula mitengo" kapena "Mavuto a achinyamata". Chiyambi chikagwirizanabe ndi mutu watsopanowo popanda kusintha liwu, ndiye kuti si cha chimangirizo chimenechi. Mungathenso kuyerekeza ndi zimene mwanayo analemba teremu yatha, ndipo nthawi zambiri mudzapeza chiganizo chomwecho.

Kakonzedwe kake ndi kosavuta kunena ngakhale kumam'pweteka mwana amene anavutika kuloweza. Werengani chimangirizo kuchokera pamwamba mpaka mutapeza chiganizo choyamba chimene chikutchula munthu, malo kapena chinthu chogwirika cha mutu umenewo. Lembani mzere pamwamba pa chiganizocho, ndipo zonse za kumtunda kwa mzerewo zichoke. Ngati chiganizo chotere palibe, tengani yankho la pakamwa lija. Mtsikana uja analembanso motere: "Mwera ukakula mu Juni, bambo anga amatha sabata yathunthu osalowa m'nyanja, ndipo kwathu timadya kondowole ndi chigwada chokha." Mawu ndi 18 okha, osafika ndi theka lomwe la oyamba aja, koma wowerenga wadziwa vuto, nthawi yake, amene likum'gwera ndi zotsatira zake pa mbale ya chakudya. Chiganizo chachiwiri chinangotchula mavuto atatu amene thunthu lidzafotokoze, ndipo chiyambi chinathera pomwepo.

Ngati gwero ndi kusowa mfundo, lamulani kuti asanalembe chiyambi alembe kaye mfundo zinayi kapena zisanu m'mphepete mwa pepala, iliyonse m'mawu osapitirira asanu. Za mantha a chiwerengero cha mawu ndazifotokoza pa chizindikiro chomaliza.

## Chizindikiro chachiwiri: miyambi ndi zining'a zathithikana

Apa ndiye pamene ndimakhalitsa ndi ophunzira, chifukwa vutoli timalibzala ndife aphunzitsi. Timawauza kuti nsinjiro za chiyankhulo zimakometsa chimangirizo, zimene ndi zoona, koma mwana amamva ngati tamuuza kuti mwambi uliwonse uli ndi malikisi ake. Ndime yachiwiri ya mtsikana uja inali ndi miyambi itatu m'mizere isanu ndi umodzi: "mutu umodzi susenza denga", "walira mvula walira matope" ndi "safunsa anadya phula". Ndimeyo inkanena za kukwera mtengo kwa maukonde.

Zoyambitsa zake:

- Chikhulupiriro chakuti wochonga amawerenga miyambi n'kupereka malikisi molingana ndi kuchuluka kwake.
- Mwambi waikidwa pamalo pamene pakanayenera kukhala chitsanzo chimene mwanayo alibe.
- Mwanayo sakudziwa tanthauzo lenileni la mwambiwo, anangoukonda kamvekedwe.

Muyeso wake uli pawiri. Choyamba, phimbani mwambiwo ndi chala ndipo muwerenge ndimeyo mokweza. Ngati palibe chimene chatayika, mwambiwo sunali kugwira ntchito. Chachiwiri, mufunseni mwanayo kuti anene mwambiwo m'mawu wamba, kenako aloze chiganizo cha m'ndimeyo chimene chikunena zomwezo. "Safunsa anadya phula" amanena za munthu amene wagwa m'vuto chifukwa sanafunse nzeru kwa odziwa. Nditam'funsa mtsikanayo kuti ndani m'ndime yake amene sanafunse, anavomereza kuti palibe. "Walira mvula walira matope" amanena kuti chabwino chimene ukufuna chimabwera ndi zovuta zake, ndipo nawonso unalibe pogwira pa nkhani ya mtengo wa ukonde.

Wotsala uja, "mutu umodzi susenza denga", unali ndi malo ake, koma osati m'ndime imeneyo. Kutsogolo mtsikanayo anafotokoza kuti asodzi a padoko lawo amasonkherana ndalama zogulira mafuta a injini, chifukwa mmodzi payekha sangakwanitse. Tinausamutsira kumeneko, ndipo tinauika pambuyo pa chitsanzocho. Umu ndi m'mene akuluakulu amachitira pabwalo la milandu: amayamba afotokoza nkhani, anthu n'kuimva, ndipo mwambi umabwera kudzamanga zimene zamveka kale. Mwana amene amayamba ndi mwambi amakhala ngati akufolera denga nsanamira asanazike.

Langizo langa kwa ophunzira ndi lakuti m'chimangirizo cha masamba awiri miyambi iwiri yoikidwa pamalo ake ndi yokwanira. Ili si lamulo la mayeso, ndi muyeso wanga wa m'kalasi. Zining'a nazo ziyesedwe chimodzimodzi. "Asodzi agwira njakata" ndi chining'a chabwino, koma chikhale pambuyo pa chiganizo chonena chimene chawasowetsa chochita. Ndimalimbikitsa kwambiri mvekero, chifukwa mwana amaudziwa kuchokera kunyumba ndipo salakwitsa kaikidwe kake. Mtsikana uja atalemba kuti m'mawa wa mwera doko limakhala zii, mabwato ali ndaa pamchenga, ndinadziwa kuti akulemba zimene anaona ndi maso ake.

## Chizindikiro chachitatu: sizikudziwika kuti ndani anachita chiyani

Chiganizo china cha m'thunthu chinati: "Kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo zosayenera kamabweretsa kuchepekedwa kwa kapezedwe ka nsomba, zimene zimachititsa kusokonekera kwa kayendetsedwe ka mabanja." Malamulo a chiyankhulo sanaphwanyidwe, koma m'chiganizo chonsechi mulibe munthu amene akuchita kanthu. Aneni ambiri asandutsidwa mayina oyamba ndi "ka-" ndi "ku-", ndipo mwininkhani wabisala.

Zoyambitsa zake:

- Kutengera chiyankhulo cha pamisonkhano, cha zikalata za maofesi ndi cha nkhani za pawailesi, poganiza kuti ndicho Chichewa cha anthu ophunzira.
- Kuganiza m'Chingerezi cha m'mabuku a maphunziro ena n'kumamasulira liwu ndi liwu.
- Kuopa kutchula wochitayo chifukwa ndi mbale wake kapena munthu wodziwika m'mudzi.

Poyesa, zungulizani ndi pensulo dzina lililonse lopangidwa kuchokera ku mneni, monga "kagwiritsidwe", "kapezedwe" ndi "kusokonekera", ndiponso mneni aliyense wa msintho wochitidwa, amene amathera ndi "-idwa" kapena "-edwa". Mukapeza atatu kapena kupitirira m'chiganizo chimodzi, chiganizocho chalemera. Kenako funsani mafunso atatu: ndani, anachita chiyani, kwa yani kapena kuti.

Mayankho a mtsikanayo anali akuti anthu ena amasoka maneti a udzudzu n'kuwasandutsa makoka, amakokera m'madzi osaya m'mene nsomba zimaswana, ndipo amagwira tiana ta chambo tisanakule. Tinalemba zomwezo: "Anthu ena amasoka maneti a udzudzu n'kumakokera m'madzi osaya. Amagwira tiana ta chambo tisanakule, choncho chaka chotsatira asodzi amabwerera kumtunda ndi nsomba zochepa." Taonani kuti chiganizo chatsopanochi ndi chaulemu ndiponso choyenera mayeso, ndipo chikunena zambiri kuposa choyamba chija, chifukwa "zipangizo zosayenera" tsopano zili ndi dzina.

Sindikunena kuti msintho wochitidwa ndi woipa. Pamene wochitayo sakudziwika, monga "ukonde wathu unabedwa usiku", ndiwo woyenera. M'lipoti ndi m'kalata yantchito umakhalanso ndi malo ake. Cholakwika ndi kuugwiritsa ntchito pobisa munthu amene wolembayo akum'dziwa bwino.

Gwero lachitatu lija lifunika kusamala. Ngati mwana akuopa kutchula amalume ake, musam'kakamize. Muuzeni kuti "asodzi ena a padoko lathu" ndi mwininkhani wokwanira, ndipo kuona mtima polemba sikutanthauza kuulula mayina a anthu.

Kwa amene amamasulira kuchokera ku Chingerezi, chizindikiro chake ndi mawu amene palibe amene angawanene pakhomo, monga "kutenga malo" pofuna kunena kuti chinthu chinachitika. Muuzeni awerenge chiganizocho mokweza ngati akuuza agogo ake. Pamene lilime lapunthwa ndi pamene pali Chingerezi chobisala.

## Chizindikiro chachinayi: mawu awiriawiri ndi ziganizo zosapuma

Vutoli ndi lofulumira kukonza. Mudzaona mawu ofanana tanthauzo atamangidwa ndi "komanso": "mavuto ndi zokhoma", "kusauka komanso umphawi", "zofunika komanso zofunikira kwambiri". Mudzaonanso chiganizo chimodzi chodzaza ndime yonse, cholumikizidwa ndi "zimene", "pomwe" ndi "kotero kuti". Kawirikawiri gwero lake ndi kufuna kuchulukitsa mawu. Nthawi zina mwanayo sakudziwa liwu loyenera pa awiriwo ndiye waika onse, ndipo mwa ana ochepa vuto ndi kusadziwa pamene mpumiro umakhala ndi pamene mpatuliro umakhala.

Pa mawu awiriawiri, mufunseni kusiyana kwake. Ngati sangakutchule, asankhe limodzi. Pa chiganizo chachitali, awerenge mokweza, ndipo inu ikani kadontho ka pensulo paliponse pamene wapuma kuti akoke mpweya. Akapuma kawiri chiganizo chisanathe, onani ngati pamalo amenewo payamba mwininkhani watsopano, ndipo ngati ndi choncho ikani mpumiro. Musadule ziganizo zonse kukhala zazifupi, chifukwa chimangirizo cha ziganizo za mawu asanu okhaokha chimatopetsanso. Chiganizo chachitali chimene chikutsata ganizo limodzi chisiyeni.

## Chizindikiro chachisanu: zolembedwazo zakula kuposa zimene zinachitika

Apa nkhani yachoka pa kalembedwe, yafika pa kunena zoona. Mtsikana uja analemba kuti "asodzi 90 mwa 100 aliwonse m'boma lino amagona ndi njala tsiku lililonse", ndiponso kuti "akatswiri a zaumoyo atsimikiza" zimenezi. M'zimangirizo za mutu wakuti "Tsiku limene sindidzaliiwala" ndimapeza zofanana: misozi imayenda ngati mtsinje wa Bua, mudzi wonse umakomoka, ndipo ana a kuno amene sanafikepo ku Lilongwe amafotokoza ngozi za ndege.

Zoyambitsa zake:

- Mwanayo amakhulupirira kuti moyo wake ndi waung'ono, wosayenera kulowa m'chimangirizo.
- Anaona kuti zolemba za akuluakulu zimakhala ndi manambala ndi akatswiri, ndiye akupeka ake.
- Anakopera nkhani ya wina.

Funso loyesera ndi limodzi: "Wadziwa bwanji?" Lifunseni mofatsa, osati ngati mukuzenga mlandu. Mayankho ovomerezeka ndi atatu, kuti ndinaona, ndinamva kwa wakutiwakuti, kapena ndinawerenga m'buku lakutilakuti. Mtsikanayo anaseka mwamanyazi n'kunena kuti nambala ija anangoiganiza. Ndinam'funsa chimene angawerenge yekha popanda kupeka. Anati padoko lawo pali mathandala oyanikapo usipa amene amawadutsa popita kusukulu. Sabata yotsatira anabwera atawerenga: mathandala 14, ndipo m'masiku a mwera mathandala amene anali ndi usipa anali 3 okha. Chiganizo chimenechi chinalowa m'malo mwa "90 mwa 100" uja, ndipo ndi champhamvu kuposa choyambacho chifukwa palibe amene angachitsutse.

Gwero loyamba lija ndi limene limandikhudza kwambiri. Ana athu amadziwa zinthu zimene wochonga mayeso wa ku Zomba kapena ku Mzuzu sangazidziwe: m'mene siginala amayatsira nyali usiku kuti usipa usonkhane chilimira chisanaponyedwe, fungo la chinangwa chovuulidwa m'madzi, ntchito yopirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, magalimoto odzaza nzimbe opita ku Dwangwa. Komabe amaganiza kuti zimenezi ndi zamanyazi, ndipo amasankha kulemba za moyo umene sanauone. Mphunzitsi ayenera kunena poyera m'kalasi kuti usipa ndi kondowole ndi zololedwa m'chimangirizo, ndipo awerenge mokweza ndime ya mwana amene walemba zotere kuti anzake amve kuti yayamikiridwa.

Pa chimangirizo chopeka, kupeka n'kololedwa, chifukwa funso lenilenilo lapempha nthano. Ngakhale pamenepo, langizani mwana kuti apeke zochitika koma malo ndi zinthu azitenge kumene akudziwa. Pa chimangirizo chamtsutso, kuona mtima kumatanthauza kusankha mbali imodzi n'kuinena momveka kuti "ndikugwirizana nazo" kapena "sindikugwirizana nazo", osati kubisala kumbuyo kwa "anthu ambiri amanena kuti".

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: mwakonza, koma pabuka vuto lina

Mukachotsa zotupa, pamabuka limodzi mwa mavuto awiri, ndipo mukapanda kukonzekera mwana amabwerera ku kalembedwe kakale.

Loyamba ndi lakuti chimangirizo chafupika. Cha mtsikana uja chinali ndi mawu oposa 400, koma titachiphwetsa chinatsala ndi pafupifupi 230, pamene ine ndinalamula osachepera 350. Anada nkhawa, ndipo anali ndi chifukwa, popeza chiwerengero cha mawu chimene funso lanena chiyenera kutsatidwa. Njira yoonjezera ndi kufunsa ndime iliyonse mafunso atatu: zinachitika liti ndipo kuti, chifukwa chake n'chiyani, ndipo zotsatira zake zinali zotani. Yankho lililonse limabala chiganizo chimodzi cha mawu pakati pa 10 ndi 15. Thunthu lake linali ndi ndime zinayi, choncho ziganizo zitatu pa ndime iliyonse zinapereka ziganizo 12, zimene zinabweretsa mawu oposa 120 aja amene ankasowa. Pa ndime ya mwera anaonjezera kuti mphepoyi imachokera kummwera m'miyezi yozizira, kuti mafunde amatha kugubuduza bwato, ndi kuti mayi ake amakongola ufa kwa anansi kuti adzabweze nyanja ikadekha.

Lachiwiri ndi lakuti mwana wamva "lemba m'mene umayankhulira" ndipo wabweretsa chiyankhulo cha pabwalo la mpira, mawu a Chingerezi osakaniza, ndi kufupikitsa kwa mauthenga a pafoni. Cholakwacho ndi cha langizolo, chifukwa silinathe. Ine ndimawauza kuti alembe m'mene angafotokozere nkhaniyo kwa agogo awo kapena kwa a mfumu: momveka, mwaulemu, ndi mawu amene iwo eni akuwadziwa tanthauzo. Kuno kunyanja ana ena amabweretsanso mawu a Chitonga kapena a kayankhulidwe ka m'mudzi mwawo. Musawanyoze chifukwa cha zimenezi, koma asonyezeni liwu limene lili m'mabuku a Chichewa a kusukulu, chifukwa pamayeso kalembedwe kovomerezeka ndi kamene kamatsatidwa. Mayina a zinthu za m'dera, monga chilimira ndi kondowole, akhale m'mene alili, ndipo ngati n'kofunika afotokozedwe ndi mawu ochepa.

Chenjezo kwa amene mukuthandiza: musalembe chiganizo chatsopano m'malo mwa mwana. Mukatero mwachotsa mawu obwereka n'kuikamo anu, amenenso ndi obwereka. Funsani funso, dikirani yankho, ndipo cholembera chikhale m'dzanja lake. Musakonzenso zizindikiro zonse tsiku limodzi. Ndi mtsikana uja tinatenga masabata atatu, chizindikiro chimodzi kapena ziwiri pa nthawi, ndipo chimangirizo chimodzimodzicho anachilemba katatu.

## Nthawi yoleka n'kufunsa wodziwa

Pali zinthu zimene kholo, mkulu wake wa mwana kapena mphunzitsi wa phunziro lina sayenera kulimbana nazo yekha.

- Funso likakhudza malamulo a mayeso. Chiwerengero cha mawu, kayalidwe ka kalata yantchito, lipoti kapena chimangirizo chamchezo, ndi kagawidwe ka malikisi, funsani mphunzitsi wa Chichewa kapena mkulu wa gawo la ziyankhulo pasukulupo, makamaka amene anachongapo mayeso a MANEB. Musadalire timabuku togulitsidwa pamsika.
- Mukakayikira kuti ntchitoyo ndi yokopera. Ngati mwana sangafotokoze ndime ngakhale imodzi ya zimene analemba, ndipo mawu ake sakufanana ndi a m'makope ake ena, perekani nkhaniyo kwa mphunzitsi wa kalasi. Musam'chititse manyazi pamaso pa anzake.
- Mwana akamafotokoza bwino ndi pakamwa koma kulemba kukukanika ndithu. Ngati patatha teremu yathunthu akudumphabe mawu, kutembenuza zilembo, kuyandikitsa pepala kumaso kapena kudandaula mutu akamawerenga, vutolo si kalembedwe. Apite kuchipatala akapimidwe maso, ndipo sukulu ifunse mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera kudzera ku ofesi ya maphunziro ya boma.
- Chimangirizo chikaulula nkhanza. Ichi ndicho chofunika kuposa zonse.

Mukaphunzitsa ana kulemba zoona, ena adzalemba zoona zowawa. Mutu wakuti "Tsiku limene sindidzaliiwala" ungathe kubweretsa nkhani ya kumenyedwa, kugwiriridwa, kukakamizidwa banja kapena maganizo ofuna kudzipha. Mukaona zotere, siyani kuchonga. Musaike mzere wofiira pansi pa mawu olakwika, musawerenge ndimeyo m'kalasi, ndipo musaganize kuti ndi nthano chabe chifukwa mwanayo anazolowera kukokomeza. Muyankhule naye pamalo opanda anzake koma oonekera, ndipo ngati ndi mtsikana pakhale mphunzitsi wamkazi. Musam'lonjeze kuti simudzauza munthu aliyense, koma muuzeni kuti mudzauza okhawo amene angam'thandize. Tsiku lomwelo dziwitsani mphunzitsi wamkulu, ndipo nkhaniyo ipite kwa wogwira ntchito yoteteza ana wa m'deralo, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, kapena ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Nambala ya 116 ndi yothandiza ana ndipo imaimbidwa mwaulere. Pepala la mwanayo lisungidwe pamalo otsekedwa m'mene analilembera, osalibweza m'mulu wa makope a kalasi.